Musanagule simenti: kalembedwe ka pulani yosamalira tchalitchi chakale cha mishoni

Mpingo wina wa kumapiri unandiitana mwezi wa Ogasiti kuti ndikaone tchalitchi chawo cha njerwa zootcha, chomangidwa m'zaka za m'ma 1920. Ndinapeza ndalama za Pepa Sande atasonkha kale, kotesheni ya mmisiri ili m'manja mwa msungichuma: simenti yopakira pulasitala kunja konse, matailosi a pansi, ndi mawindo a aluminiyamu olowa m'malo mwa amatabwa. Ankangofuna kuti ndivomereze, ntchito iyambe mvula isanagwe. Nditawapempha kuti tiyambe talemba pulani yosamalira tchalitchicho, mkulu wa mpingo wina anandifunsa mwaulemu ndithu: "Bambo, pulani ya chiyaninso, poti zowonongekazo tikuziona ndi maso athu?"

Funso lawo linali lomveka, ndipo yankho lake ndi limene ndikufuna kulongosola pano. Pulani imeneyi si chojambula cha mmisiri, si kotesheninso ayi. Ndi chikalata choyankha mafunso anayi motsatana: kodi tili ndi chiyani, n'chifukwa chiyani chili cha mtengo wapatali, chikuchiwononga n'chiyani, ndipo tidzachita chiyani, liti, ndi ndani. Mphamvu yake yonse ili mu ndondomeko imeneyo. Mukayambira pa funso lachinayi, monga makomiti ambiri amachitira, mumawononga ndalama pochotsa zinthu zomwe zimachititsa tchalitchi kukhala chosiyana ndi holo wamba. Kalembedwe kotere kanafala kuchokera ku Australia, kumene akatswiri anagwirizana mfundo zotchedwa Burra Charter mu 1979, ndipo mfundo yake imene ndimaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi yakuti muchite zonse zimene nyumba ikufunikira, koma musinthe zochepa monga mungathere.

Yambani ndi kudziwa mwini wake ndi lamulo

Gawo ili ndi lalifupi koma musalilumphe. Lembani pa tsamba loyamba kuti malo ndi nyumbayo zili m'dzina la ndani: sinodi, dayosizi, kapena matrasti a mpingo. Lembaninso amene ali ndi mphamvu yovomereza ntchito, kaya ndi seshoni ndi presibitale, kaya bambo mfumu ndi a episkopi. Kenaka fufuzani ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi zipilala ngati tchalitchi chanu chili pa mndandanda wa malo otetezedwa. Lamulo la 1990 la zipilala ndi zinthu zakale sililola kugwetsa kapena kusintha malo oterowo popanda chilolezo cha boma, ngakhale nyumbayo ndi ya mpingo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mishoni ndi chimodzi mwa zotetezedwazo.

Sankhani gulu la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi: mlembi wa mpingo, mayi mmodzi wa bungwe la amayi, wachinyamata wodziwa kujambula ndi foni, munthu amene amasesa ndi kutsegula tchalitchi, ndi katswiri wa zomangamanga amene anagwirapo nyumba zakale. Wosesayo musamusiye. Ndiye amadziwa pamene pamadontha.

Kufukula mbiri ya nyumbayo

Mbiri imene mukufuna pano si ya kubwera kwa Uthenga Wabwino m'deralo, yomwe imawerengedwa pa chikondwerero cha zaka 100. Mukufuna mbiri ya makoma, denga ndi pansi: anamanga liti, ndi zipangizo zanji zochokera kuti, ndipo n'chiyani chinasinthidwa chaka chanji. Yambirani m'kabati ya ku vesitili. Mabuku a maminitsi, a chuma ndi a ubatizo amasunga zambiri. Mzere umodzi wonena kuti seshoni inagula malata chaka chakuti umakuuzani msinkhu wa denga limene muli nalo. Kuchoka apo pitani ku ofesi ya sinodi kapena dayosizi, ku nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko ku Zomba, ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre, kumene kuli zithunzi zakale zambiri. Zina zili kunja, kwawo kwa amishoni: za mishoni za ku Scotland zili ku Edinburgh, za mishoni ya Nkhoma ku Stellenbosch, za Abambo Oyera a ku Mua ku Roma, za mishoni ya Angilikani ya UMCA ya ku Likoma ku Oxford. Simusowa kukwera ndege, kalata yopempha chithunzi cha tsamba kapena cha nyumba nthawi zambiri imayankhidwa.

Koma zolembedwa za amishoni zili ndi malire ake. Zimatchula mzungu amene anayang'anira ntchito, n'kusiya amene anaumba njerwa, amene anacheka matabwa ndi amayi amene anatunga madzi. Mayina amenewo ali m'mitu ya agogo a mumpingo, ndipo agogowo sadikira. Khalani nawo pansi mmodzimmodzi, m'tchalitchi momwemo, muziyenda nawo akuloza.

Ku mpingo wa kumapiri kuja tinachita zimenezi ndi gogo wina wa Mvano, wazaka zopitirira 80. Titafika kuseri, ku khoma loyang'ana kumtunda kumene kunali bedi la maluwa, anaima n'kugogoda pansi ndi ndodo yawo. "Mwana wanga, pano panali ngalande ya njerwa. Tili atsikana tinkaisesa Loweruka lililonse tisanalowe kalasi." Palibe wa mu komiti amene ankadziwa. Anyamata atakumba ndi khasu, pa kuya kwa masentimita 30 anapeza njerwa zoyalidwa bwinobwino, ngalande yonse ili yamoyo, yongokwiririka. Zimene ngalandeyo inatanthauza ndizifotokoza posachedwa.

Zonse mwapezazo muziike pa tsamba limodzi motsata zaka, ndipo pa mfundo iliyonse lembani kumene mwaitenga. Zimene mwangomva osazipeza polembedwa muzilembe kuti ndi zakumva; ndi zofunika ndithu, koma wobwera pambuyo panu adziwe kulemera kwake.

Kuyeza ndi kujambula

Tengani tepi, muyeze nyumba yonse, mujambule mapu a pansi pa pepala la timabokosi, sentimita imodzi kuimira mita imodzi. Khomo lililonse, windo lililonse ndi mtanda uliwonse wa denga muupatse nambala, kuyambira pa khomo lalikulu kuzungulira mbali ya kumanja. Manambalawa ndiwo adzakupulumutsani: "windo 7 lavunda m'munsi" ndi mawu amene mmisiri aliyense angawatsate zaka khumi zikubwerazi, pamene "windo la pafupi ndi pokhala akwaya" limasokonekera akwaya akasamuka. Jambulani khoma lililonse kunja ndi m'kati, muimike ndodo ya mita imodzi m'chithunzimo kuti kukula kuzioneka. Pa mapuwo pakani mitundu yosiyana posonyeza mbali yoyambirira ndi zowonjezera za pambuyo. Lembaninso katundu yense wosunthika: belu ndi mawu olembedwa pa ilo, gome, mbale ndi zikho za Mgonero, chobatiziramo, mabenchi akale, miyala ya chikumbutso. Manda a amishoni ndi a Akhristu oyamba, nsanja ya belu ndi mitengo imene inabzalidwa pamodzi ndi tchalitchi zilowenso m'mapu.

Tsamba limene pulani yonse yatsamirapo

Tsopano mwafika pa gawo lovuta, ngakhale silipitirira tsamba limodzi: kulemba chifukwa chimene tchalitchichi chilili cha mtengo wapatali. Ambiri amalemba kuti "ndi chakale komanso chokongola" n'kupitirira. Mawu amenewo sathandiza munthu pa tsiku limene akusankha pakati pa kusunga windo ndi kulichotsa. Chiganizo chilichonse cha pa tsambali chiziloza chinthu chimene mungachikhudze ndi dzanja.

Titenge St Michael and All Angels, poti ambiri timachidziwa. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott, amene sanaphunzire za kamangidwe ka nyumba, pamodzi ndi anthu akuno amene anaphunzira ntchitoyo ali pa ntchito pomwepo. Njerwa zinaumbidwa ndi kuotchedwa pamalopo, m'zikombole zamatabwa za maonekedwe ambirimbiri, ndipo kukongola konse kwa kunja kwake, mizere, timizati ndi makhonde opindika, kunapangidwa ndi njerwa zimenezo. Mukalemba choncho, lamulo latuluka lokha: njerwa za tchalitchichi siziyenera kubisidwa ndi pulasitala kapena penti, ndipo imodzi ikafumbutuka, yolowa m'malo mwake iumbidwe m'chikombole chofanana. Ku Likoma, pa tchalitchi chachikulu cha St Peter chimene ntchito yake inayamba mu 1903, tsamba lomweli linganene zina, za miyala ya pachilumbapo ndi zosema za m'kati. Ku PIM ku Mbombwe, mabwinja a tchalitchi cha John Chilembwe chimene boma la atsamunda linagwetsa mu 1915 mtengo wake uli m'kugwetsedwa komweko, choncho pulani ya kumeneko siinganene zomanganso.

Dzifunseni mbali zinayi. Kodi nyumbayi ikuchitira umboni mbiri yanji? Kodi m'kamangidwe kake muli luso lanji losapezeka kwina? Kodi ingaphunzitse chiyani za zipangizo ndi njira za amisiri akale? Nanga kwa anthu amene amapempheramo lero ikutanthauza chiyani? Mbali yomalizayi akatswiri ochokera kutali amaipeputsa, pamene kwa mpingo ndiyo yaikulu. Tchalitchi si nyumba yoonetseramo zakale. Anthu amabatizidwamo, amakwatiramo, maliro amalowamo. Pulani yoiwala zimenezi idzakhala m'kabati, mpingo n'kumachita zake.

Mukamaliza tsambalo, gawani zinthu zonse za pa mapu anu m'magulu anayi. Ku mpingo uja tinagawa motere. Zapamwamba kwambiri, zosayenera kusinthidwa: makoma a njerwa zoonekera, mitanda ya denga yochekedwa ndi sowo ya pamanja, mawindo khumi ndi awiri amatabwa okhala ndi mitu yosongoka, belu, ndi pansi pa njerwa zoyala. Zofunika, zoti zingakonzedwe mosamala: vesitili yowonjezedwa m'ma 1950 ndi mabenchi. Zapakatikati, zoti zingasinthidwe popanda kutaya kanthu: malata, poti anali atasinthidwa kale kawiri. Zosokoneza, zoyenera kuchotsedwa mpata ukapezeka: pulasitala wa simenti wa m'munsi mwa makoma, penti ya mafuta ya m'kati, ndi mawaya a zokuzira mawu okhomedwa ndi misomali m'njerwa. Tinakangana masana onse pa za pansi. Amayi ankati njerwa zoyala zimavuta kukolopa ndipo zimadetsa yunifolomu pogwada, ndipo ankanena zoona. Mkanganowo tinaulemba m'pulani momwe unalili, pamodzi ndi chimene tinagwirizana.

Kuyendera matenda a nyumba

Yendani motsata njira ya madzi: kuyambira pa denga, kutsika ndi makoma, mpaka pansi ndi kumene madziwo amathera. Pafupifupi chilichonse chimene chimapha tchalitchi cha njerwa kuno kwathu chimayamba ndi madzi, ngakhale chiswe chimatsata chinyezi. Kuti komiti imvetse, ndimawerengera nawo limodzi. Mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Tchalitchi chija ndi cha mamita 30 m'litali ndi 12 m'lifupi, ndiye kuti denga lake limatchinga masikweya mita 360. Mvula ya mamilimita 50, yomwe imatha kugwa masana amodzi mu Januwale, imatsitsa malita 18,000, madiramu 90 a malita 200. Funso n'lakuti madiramu 90 amenewo amapita kuti.

Kumeneko ankathera m'tsinde mwa khoma la kumtunda. Paipi yotsitsa madzi inali itathothoka kalekale, ngalande ya gogo ija itakwiririka, ndipo dothi la bedi la maluwa linali litakwera masentimita 20 kupitirira pansi pa m'kati mwa tchalitchi, pamene liyenera kukhala m'munsi ndi masentimita 15 kapena kuposa. Khoma linkamwa madzi ngati chigamba choviikidwa. Zaka zapitazo, poona m'munsi mukunyowa, anthu ofuna zabwino anapakamo pulasitala wa simenti kufika mita imodzi. Apa mpamene muyenera kumvetsa bwino, chifukwa cholakwa chimenechi chili pa matchalitchi ambiri. Njerwa zakale n'zofewa, ndipo zinamangidwa ndi dothi kapena laimu, zinthu zimene zimalola chinyezi kutuluka. Simenti ndi yolimba ndipo imatseka. Madzi olowa kuchokera pansi akapeza potulukira patsekedwa amakwera mpaka pamene pulasitala wathera, n'kutulukira pamenepo atasenza mchere wa m'dothi. Madzi akauma mchere umatsala m'timabowo ta njerwa, umakula, n'kuswa nkhope ya njerwayo. N'zimene tinaona: pamwamba penipeni pa mzere wa pulasitala panali lamba wa njerwa zofumbutuka, zoyera ndi mchere, zoti ukakanda ndi chala ufa wofiira umagwera pa nsapato. Pulasitalayo tikamugogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva ankalira ngati ng'oma, kusonyeza kuti anali atalekana kale ndi khoma. Kotesheni ija ikanapaka simenti khoma lonse mpaka ku denga, ndipo matailosi akanatseka pansi pamene chinyezi china chinkatulukira, n'kuchikankhira chonse m'makoma.

Kuti mudziwe chimene anamangira, tokosani pang'ono pakati pa njerwa pamalo obisika, mudonthezerepo viniga. Ngati pakuchita thovu kwambiri ndipo n'pofewa, ndi laimu. Ngati pakungosungunuka n'kukhala matope, ndi dothi. Nyumba zambiri za mishoni zinamangidwa ndi dothi m'kati, laimu n'kungotsekera kunja kwa mizere.

Ku denga kwerani ndi tochi, anthu awiri, mukuponda pa mitanda yokha. Onani kumapeto kwa mitanda kumene yalowa m'khoma, poti ndiko imayambira kuvunda. Bayani ndi sikuludiraiva: thabwa lamoyo limakana, lodyedwa ndi chiswe limalowa ngati papaya ngakhale kunja likuoneka labwino. Funani timisewu ta dothi ta chiswe m'makona ndi kuseri kwa makabati, mutitsate mpaka pansi. Malata amayambira dzimbiri polumikizana ndi pa misomali. Masana mukazimitsa tochi, timabowo timaoneka ngati nyenyezi. Ngati muli mileme yambiri, valani chotchinga pamphuno musanasese zitosi zake. Muonenso waya wotsitsa mphezi pa nsanja ngati akufikadi m'nthaka, ndi mawaya a magetsi odutsa pa matabwa ouma.

Ming'alu ndiyo imaopsa anthu kwambiri, koma funso loyenera si kukula kwake kokha, ndi lakuti kodi ukuyendabe. Mng'alu wina unachitika pa chivomerezi, monga cha ku Salima mu 1989 kapena cha ku Karonga mu 2009, n'kuima pomwepo. Wina umatseguka m'chilimwe n'kutsekeka m'dzinja chifukwa dothi la makande limafufuma ndi kunyala, makamaka ngati pafupi pali mabulugamu omwa madzi. Wina umangokulirakulira, ndipo umenewo ndiwo woopsa. Kuti muwasiyanitse, khomani tizitsulo tiwiri kapena lembani timizere tiwiri mbali ndi mbali ya mng'alu, muyeze mpata wake ndi rula ya mamilimita tsiku loyamba la mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu, mukulemba m'buku. Wosapitirira mamilimita 5 ndipo wosayenda ungodikira kutsekedwa ndi laimu. Wopitirira mamilimita 15, kapena uliwonse umene ukukula mwezi ndi mwezi, kapena khoma lopendekera kunja pamwamba pamene mitanda yakhala, muitanireni injiniya msanga, ndipo anthu asakhale pansi pake. Ku mpingo uja mng'alu wa pamwamba pa windo 4 unali wa mamilimita 3 ndipo sunasunthe chaka chonse.

Chilichonse mwapeza chilembedwe mofanana: malo ndi nambala yake, chimene mwaona, chimene mukuganiza kuti chikuyambitsa, chithunzi, ndi changu chake. Musalembe mankhwala musanalembe choyambitsa.

Zofuna za mpingo wa lero

Khalani ndi magulu onse a mumpingo, muwafunse zimene nyumbayi ikuwalepheretsa. Mudzamva za kuchepa kwa malo, kutentha, mdima, zokuzira mawu, njira ya njinga za olumala ndi okalamba, chitetezo cha zida za kwaya. Izi si zolimbana ndi kusamala zakale, ndi zinthu zoti pulani iziyankhe. Za kuchepa kwa malo ndiye zimagwetsa matchalitchi ambiri, chifukwa njira yofulumira ndi kuboola khoma n'kuwonjezera. Njira zina zilipo: mapemphero awiri kapena atatu pa Sabata, kapena nyumba yaikulu yatsopano pambali, monga zilili ku Blantyre Mishoni, chakale n'kumagwirabe ntchito. Mukasankha njira yachiwiriyi, lembani m'pulani mapemphero amene azichitikirabe m'chakalecho sabata ndi sabata. Nyumba yotsekedwa imawonongeka msanga kuposa yodzaza, poti palibe amene amaona pamene payamba kudontha.

Kulemba malamulo

Malamulo ndiwo mlatho pakati pa tsamba la mtengo wapatali ndi ntchito yeniyeni. Akhale ochepa, khumi ndi asanu kapena makumi awiri, aliyense ndi nambala yake ndi chifukwa chake, olembedwa moti mmisiri ndi mkulu wa mpingo angawamve mofanana. "Tchalitchi chizisamalidwa bwino" si lamulo. Ena mwa amene tinalemba ndi awa.

Lamulo 3: Pa makoma oyambirira sipadzagwiritsidwa ntchito simenti. Mizere ya pakati pa njerwa idzatsekedwa ndi muyeso umodzi wa laimu womangira pa miyeso itatu ya mchenga wa kumtsinje wosefa, ndipo mmisiri adzayamba waonetsa ntchito yake pa sikweya mita imodzi kuseri, komiti n'kuivomereza. Chifukwa: njerwa zoonekera zili m'gulu lapamwamba, ndipo simenti ndiyo yaziwononga.

Lamulo 6: Windo lamatabwa lidzakonzedwa podula mbali yovunda yokha n'kulumikizapo thabwa louma la mtundu wofanana. Lidzachotsedwa lonse pokhapokha katswiri atalemba kuti silingakonzeke, ndipo lolowa m'malo lidzatengera maonekedwe a lakalelo.

Lamulo 9: Pansi pa njerwa padzasungidwa. Njerwa zotsika zidzazulidwa n'kuyalidwanso pa mchenga, ndipo m'mipata yoyendamo ndi pogwada mudzayalidwa mikeka kapena makapeti ochotseka.

Lamulo 12: Chatsopano chilichonse, kaya fani, nyale kapena njira ya njinga, chiikidwe moti chingachotsedwe osasiya bala, ndipo zomangirira zilowe m'mizere ya pakati pa njerwa, osati m'njerwa.

Lamulo 14: Mphatso ya munthu kapena banja yofuna kusintha nyumbayi idzalandiridwa pokhapokha ikugwirizana ndi malamulowa.

Lomalizali limateteza abusa ndi akulu a mpingo. N'kovuta kukana mwana wa pamudzi amene wabwera kuchokera ku Joni ndi lole ya matailosi pokumbukira mayi ake. N'kosavuta kumuonetsa pulani imene mpingo wonse unavomereza, n'kumupempha kuti athandize pa mndandanda wa ntchito zimene zikudikira.

Pa za laimu onjezani tsamba la malangizo a mmisiri, chifukwa amisiri ambiri a lero anakulira pa simenti. Laimu wake ndi wa m'matumba wopakira nyumba, osati wothira m'munda, yemwe ndi mwala wopera chabe ndipo sagwira. Aviikidwe m'diramu la madzi masiku angapo mpaka akhale ngati phala lolimba. Mzere utokosedwe ndi dzanja, osati ndi gulainda, kuya kwake kuwirikiza kawiri kukula kwa mpata wake, unyowetsedwe, laimu akanikizidwe mpaka m'kati. Pomaliza aphimbe ndi ziguduli zonyowa kwa sabata, poti laimu akauma mofulumira pa dzuwa la Okutobala amangosanduka ufa. Ogwira ntchito avale magolovesi ndi zotchinga maso, laimu amaotcha.

Ntchito, nthawi ndi munthu wake

Apa mpamene mndandanda wa ntchito ukulowa, kumapeto. Ugaweni patatu: zochita mvula isanagwe, zochita m'chaka chimodzi kapena ziwiri, ndi za m'zaka zisanu. Zachangu sizidikira kuti pulani ithe kulembedwa, bola zikhale zosachotsa kanthu kakale. Ife mu Seputembala yemweyo tinafukula ngalande yonse, tinachotsa bedi la maluwa n'kutsitsa dothi, tinabwezeretsa mapaipi anayi ndi kusintha malata asanu ndi atatu obooka. Ndalama zake sizinafike ndi pa gawo limodzi mwa magawo asanu a za Pepa Sande zija. Chaka chotsatira, mvula itatha, tinagumula pulasitala wa simenti pang'onopang'ono ndi tchizulo, n'kusiya khoma lipume. Musathamangire kutseka: amisiri a nyumba zakale amawerengera kuti khoma limauma pafupifupi inchi imodzi pa mwezi, choncho la masentimita 45 limafuna chaka ndi miyezi ingapo. M'nyengo imeneyo mchere umatuluka woyera pa njerwa. Muziusesa ndi burashi youma, osautsuka ndi madzi, chifukwa madzi amaubwezera m'kati. Mawindo ndi kuchotsa penti ya mafuta tinaziika m'zaka zisanu.

Pa ntchito iliyonse lembani kuchuluka kwa zipangizo ndi masiku a mmisiri, osati makwacha okha, poti mitengo imasintha pulani isanakwanitse chaka. Lembaninso udindo wa munthu woyang'anira, monga mlembi wa mpingo kapena wapampando wa komiti ya zomangamanga, kuti munthu akasamuka ntchito isasamuke naye.

Tsamba lomaliza, limene ndimapempha kuti lipachikidwe ku vesitili, ndi kalendala ya chaka ndi chaka. Mu Seputembala ndi Okutobala: kuchotsa masamba m'ngalande za padenga ndi zapansi, kulimbitsa misomali ya malata, kudulira nthambi zofika padenga. Pa mvula yaikulu yoyamba: munthu mmodzi atenge ambulera azungulire tchalitchi mvula ikugwa, aone pamene madzi akusefukira ndi pamene akuima, kenaka alowe m'kati ayang'ane kumwamba. Mwezi uliwonse: kufuna timisewu ta chiswe ndi kuyeza ming'alu. Mu Meyi: kuzula zomera za m'makoma ndi kuyendera denga. Zonse zilembedwe m'buku limodzi lachikuto cholimba, ndi tsiku ndi siginecha. Pambali pake ikani tsamba la za ngozi: kumene kuli makiyi, chozimitsira moto, lona lophimbira denga likasasuka, ndi zinthu zisanu zoyamba kutulutsa, mabuku a ubatizo ali patsogolo.

Pulani yathu inakwana masamba 34 ndi zithunzi zomwe. Tinaiwerenga mwachidule m'Chichewa pamaso pa mpingo wonse, seshoni inaivomereza n'kuilemba m'maminitsi, ndipo makope anapita ku presibitale, ku sinodi ndi ku nthambi ya boma ija. Ina inatsala ku vesitili, ina pa kompyuta ya mlembi. Pa chikuto tinalembapo chaka choiunikanso, patatha zaka zisanu, ndi mawu akuti iunikidwe msanga kukachitika chivomerezi, moto, kapena namondwe ngati Freddy wa mu Malichi 2023. Pa kalendala ya ku vesitili, kusesa ngalande ya kuseri ija kunapatsidwa a kalasi, Loweruka lililonse kuyambira Novembala mpaka Epulo.